Seti anapha m'bale wake, koma mlandu unali wa mpando

*Funso: Ndakhala ndikuwerenga nthano za milungu ya anthu akale, ndipo chandidabwitsa n'chakuti milungu yapachibale imachitirana nsanje, kuperekana, ngakhale kuphana kumene. Anthu ankapembedza bwanji milungu yotere? Nanga nthanozi zinkafuna kunena chiyani pa nkhani ya ulamuliro?*

Ndikuyankhani ndi nthano imodzi ya ku Iguputo, chifukwa ndi imene inalembedwa kambirimbiri pa zaka zoposa 2,000, moti tingathe kuona mmene inkasinthira. Ndi nkhani ya Osirisi ndi m'bale wake Seti. Seti ameneyu ndi mulungu wa chipululu ndi mkuntho, si mwana wa Adamu uja ayi. Mukaiwerenga m'zolemba za Aiguputo eniake mupeza kuti kuphanako sanakutayire nthawi. Chimene analemba mwatsatanetsatane ndi mlandu umene unatsatira, wakuti mfumu ikafa mpando alowe ndani: m'bale wake wamphamvu amene wauona moyo, kapena mwana wake amene akali wanthete?

Banja lake ndi ili. Gebu, amene ndi nthaka, ndi Nuti, amene ndi thambo, anabereka ana anayi: Osirisi, Isisi, Seti ndi Nefitisi. Osirisi anakwatira mlongo wake Isisi, Seti anakwatira Nefitisi, ndipo ufumu unapita kwa Osirisi monga mwana woyamba. Muone kuti m'banja lotere Seti ndi m'bale wa bambo wa mwana wa Osirisi, komanso ndi malume ake a mwana yemweyo. Mfundo imeneyi idzafunika kutsogoloku.

Nkhani imene anthu ambiri amaidziwa, ya bokosi, inalembedwa ndi Mgiriki wina dzina lake Pulutaki cha m'ma 100 Yesu atabadwa. Iye akuti Seti anapangana chiwembu ndi anzake 72. Anayeza thupi la Osirisi mwamseri, n'kukhomesa bokosi lokongola la msinkhu wake ndendende. Pa phwando analitulutsa, n'kunena mwanthabwala kuti amene akwanemo alitenga. Alendo anayesa mmodzimmodzi osakwanamo. Osirisi atangogonamo, achiwembu aja anathamangira chivundikiro, kukhomerera misomali, kuthirapo mtovu wosungunula, n'kukaliponya mu mtsinje wa Nailo. Bokosilo linayandama mpaka ku Bibulo, m'dziko limene lero ndi Lebanoni. Isisi analilondola n'kubwera nalo, koma Seti akusaka usiku pa mwezi analipeza, ndipo anadula mtembowo zidutswa 14 n'kuzimwaza m'dziko lonse.

Chiwembu chimenechi chili ndi phunziro lake lomwe. Amene angakuyeze msinkhu iwe uli m'tulo ndi wa m'nyumba mwako, ndipo anthu 72 sangasunge chinsinsi ngati pabwalo la mfumu panalibe kale madandaulo. Koma tisamangirirepo kwambiri, poti Pulutaki analemba mochedwa ndithu, komanso anali mlendo wolembera Agiriki anzake.

Zolemba zakale kwambiri zotchula nkhaniyi ndi zimene anazokota m'makoma a mkati mwa manda a mafumu, kuyambira m'piramidi la mfumu Unasi ku Sakara, cha m'ma 2350 Yesu asanabadwe. Mmenemo mulibe phwando kapena bokosi. Zimangoti Osirisi anagwa, kapena kuti m'bale wake anamugwetsa pansi pa malo otchedwa Nediti, ndipo alongo ake awiri anamufunafuna mpaka kumupeza. Pena zimatchula kuti Seti anadziteteza ponena kuti anayamba ndi Osirisi kumuputa. Chifukwa chimene akatswiri ambiri amapereka pa kusafotokozaku n'chakuti Aiguputo ankakhulupirira kuti cholembedwa chili ndi mphamvu, moti kulemba imfa ya mulungu m'manda kukanakhala ngati kuichititsanso. Choncho ankaizungulira. Chimene ankachilemba mosabisa ndi mbali imene mfumu inkaifuna: yomwalirayo yasanduka Osirisi, ndipo wolowa m'malo mwake ndi Horasi, mwana amene Isisi anatenga pathupi pake Osirisi atafa kale, n'kumulera mobisa m'madambo a gumbwa.

Tsopano tifike pa mlandu. Unalembedwa pa gumbwa wina, pepala la Aiguputo akale, wochokera ku mudzi wa amisiri okumba manda a mafumu, kufupi ndi mzinda wa Tebesi. Ndi wa nthawi ya mfumu Ramese Wachisanu, cha m'ma 1145 Yesu asanabadwe, ndipo lero amasungidwa ku Dabulini m'dziko la Ayalandi. Nkhaniyo ikuyamba Horasi atakula pang'ono, ataimirira pamaso pa bwalo la milungu kudzaitanitsa udindo wa bambo ake. Mlanduwo akuti unatha zaka 80. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zonsezo bwalo silikuzenga zakupha munthu. Palibe akufunsa Seti za magazi a m'bale wake. Akukangana za mpando basi.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka, ndipo apa ndi pamene pagona nzeru ya nthanoyi. Seti akuti iye ndiye wamphamvu kuposa milungu yonse, ndipo tsiku lililonse amaima kutsogolo kwa bwato la dzuwa n'kupha mdani wa Ra, mulungu wa dzuwa, ntchito imene mulungu wina aliyense sangaithe. Sakunama. Mdaniyo ndi chinjoka Apofisi, chimene chimafuna kuimitsa dzuwa, ndipo zithunzi za Aiguputo zimaonetsadi Seti akuchilasa ndi mkondo. A mbali ya Horasi, motsogozedwa ndi Thoti mlembi wa milungu, akufunsa ngati n'zoona kuti udindo upite kwa m'bale wa mayi pamene mwana wobereka mwini alipo. A mbali inayo akubweza kuti nanga udindo upite kwa kamnyamata pamene wamkulu alipo? Ra, amene ndi wapampando wa bwalolo, mtima wake uli kwa Seti, ndipo akumuuza Horasi pamaso kuti ndi wofooka, udindowu wamukulira, komanso ndi mwana wonunkha m'kamwa.

Kwa ife funso limeneli si lachilendo. Mwa Achewa ufumu umayenda kuchikazi, kwa mng'ono kapena kwa mwana wa mlongo, pamene mwa Angoni umapita kwa mwana wa mfumu. Mchewa akanakhala pa bwalolo mwina sakanaona chachilendo pa pempho la Seti. Aiguputo anasankha mzere wa bambo ndi mwana, koma nthano yawo ikuvomera kuti njira inayo inali ndi oikhalira kumbuyo, kuphatikizapo wapampando yemwe.

Bwalo litasowa chochita linalembera kalata Neiti, mulungu wamkazi wakalekale wa ku Sayisi. Yankho lake linali lachindunji: udindo upite kwa Horasi, koma Seti amuwonjezere chuma chake kuwirikiza kawiri, ndipo amupatse ana aakazi awiri a Ra, Anati ndi Asitate, akhale akazi ake. Muone kuti chigamulo choyenera chinapezeka koyambirira kwenikweni, ndipo milungu inachivomera ndi mfuu. Chinalepheretsa ndi wapampando, amene sanachifune. Kamulungu kena kotchedwa Baba kanamunyoza Ra kuti kachisi wake ndi wopanda kanthu, kutanthauza kuti palibenso omupembedza. Ra anakwiya, n'kukagona chagada m'chihema chake tsiku lonse, mlandu n'kuima. Anachita kudzutsidwa ndi mwana wake Hatholo, amene anamuvulira mpaka bamboyo anaseka. Olemba nkhaniyi sankaopa kuseketsa anthu ndi milungu yawo, ndipo ndikuganiza kuti amene ankaimva, anthu odziwa bwino mmene milandu imachedwera, ankazindikira akuluakulu awo mwa milunguyi.

Gawo limene ine ndimalikonda ndi la pa chilumba. Seti analumbira kuti sadzalowanso m'bwalo Isisi akakhalapo, ndipo anaopseza kuti atenga ndodo yake yolemera n'kumapha mulungu mmodzi tsiku lililonse. Ra anagonjera, nasamutsira bwalo pa chilumba cha pakati pa mtsinje, n'kulamula woolotsa anthu, Nemuti, kuti asaolotse mkazi aliyense wofanana ndi Isisi. Isisi anadzisandutsa nkhalamba yowerama, yonyamula chakudya cha kamnyamata koweta ng'ombe. Nemuti anakana mkate umene anamupatsa, koma mphete yagolide anailandira. Atafika pa chilumbapo Isisi anasandukanso namwali wokongola, Seti n'kumutsatira kuseri kwa mtengo. Namwaliyo anamudandaulira kuti iye ndi mkazi wa woweta ng'ombe amene anamwalira, mwana wake ndiye ankasamala ng'ombezo, koma kwabwera mlendo amene akuti amenya mwanayo, alanda ng'ombe, n'kumuthamangitsa. Seti anapsa mtima n'kufunsa kuti ng'ombe zingapite bwanji kwa mlendo mwana wa mwini wake alipo. Pomwepo Isisi anasanduka kamtema, n'kutera pamwamba pa mtengo, n'kumuuza kuti alire yekha poti pakamwa pake pomwe pamuweruza. Seti anakadandaula kwa Ra akulira, ndipo ngakhale Ra anavomera kuti wadziweruza yekha.

Nanga amene analangidwa pa zonsezi ndani? Woolotsa uja. Anamudula zala za kumapazi, ndipo analumbira kuti golide sadzamufunanso m'mudzi mwake. Isisi amene anapereka chiphuphu sanakhudzidwe, Seti amene anaopseza bwalo sanakhudzidwenso.

Chimene gawoli likuonetsa n'chakuti Seti lamulo akulidziwa ndipo amalivomera likakhala pa ng'ombe za munthu wina. Amalikana likafika pa mpando umene iye akuufuna. Ndipo ngakhale atadziweruza choncho, mlandu sunathe. Milungu inamuveka Horasi chisoti choyera cha ufumu, Seti anakana, n'kupempha kuti apikisane, Ra n'kuvomeranso.

Mipikisanoyo ndingoidutsa mwachangu, chifukwa yonse ikunena chinthu chimodzi. Anasanduka mvuu kuti aone amene akhale pansi pa madzi miyezi itatu. Isisi anaponya mkondo wa chingwe, woyamba unalasa mwana wake yemwe, wachiwiri unalasa Seti. Seti anafuula kumukumbutsa kuti iwo ndi a mimba imodzi, ndipo Isisi anamva chisoni n'kumumasula. Horasi atakwiya anadula mutu wa mayi ake. Kenako Seti anamupeza Horasi atagona n'kumukolowola maso, Hatholo n'kumuchiritsa ndi mkaka wa nswala. Palinso gawo lina lolaula, pamene Seti anafuna kumuchititsa manyazi Horasi pogona naye kuti bwalo limuone ngati wogonja, koma Isisi anatembenuza msamphawo n'kukola mwini wake. Pomaliza anagwirizana mpikisano wa mabwato amiyala. Seti anadula nsonga ya phiri n'kusema bwato la mikono 138, lomwe ndi mamita oposa 70. Horasi anakhoma lamatabwa n'kulimata pulasitala kuti lioneke ngati mwala. La Seti linamira pomwepo.

Musaganize tsono kuti Horasi ndi woyera. Wabera mpikisano, wadula mutu wa mayi ake, ndipo zambiri zimene wapambana wachita kumupambanitsa ndi mayi akewo. Nthanoyi sikunena kuti mpando ukupita kwa wamakhalidwe abwino. Ikuti ukupita kwa amene lamulo la kubadwa lamuloza, kaya ndi wotani. Apa pali nzeru ina yozizira. Mpando ukamaperekedwa kwa wamphamvu, mfumu iliyonse ikafa pamafunika nkhondo kuti adziwike wamphamvuyo, ndipo mfumu ikakalamba m'bale wake aliyense amayamba kuiyeza msinkhu. Kubadwa kuli ndi ubwino umodzi wokha, wakuti sikufuna mpikisano. Mipikisano yonse ija sinathetse kanthu, poti wogonja ankangopempha wina.

Chimene chinathetsa mlandu ndi makalata. Bwalo linalembera Osirisi, amene tsopano ndi mfumu ya akufa. Iye anayankha mofunsa chifukwa chimene akumubera mwana wake, pamene ndi iye amene anapanga balere ndi tirigu zimene milungu imadya. Ra anayankha mwamwano kuti ngakhale Osirisi akanapanda kubadwa, balere ndi tirigu zikanakhalapobe. Kalata yachiwiri ya Osirisi inasintha mawu. Anati dziko limene iye ali ladzaza ndi amithenga a nkhope zoopsa amene saopa mulungu aliyense, ndipo akawatuma adzabweretsa mtima wa aliyense wochita zoipa. Anakumbutsanso kuti milungu ndi anthu, ngakhale nyenyezi, onse amakapumula kumadzulo kumene iye akulamulira. Atangomva zimenezi, bwalo linavomera kuti Osirisi akunena zoona. Isisi anabweretsa Seti atamangidwa, Seti anavomera, Horasi anakhala pa mpando.

Ndiye onani mmene zayendera. Horasi anali wolondola kuyambira tsiku loyamba, Neiti ananena, Seti yemwe ananena ndi pakamwa pake, koma chilungamocho chinagona zaka 80 mpaka chitapeza mwini mphamvu woopsa kuposa Seti. Nthano zambiri zimakonda kunena kuti choonadi chimapambana chokha. Iyi ikukana.

Tsopano ku mbali ya kupembedza. Seti sanaphedwe, sanaponyedwenso m'ndende. Ra anapempha kuti amupatse Seti akhale naye ngati mwana wake, azigunda ngati bingu kumwamba, anthu azimuopa. Wamphamvu uja anamuchotsa pa mzere wa mpando n'kumupatsa ntchito yoyenera mphamvu zake, yoteteza bwato la dzuwa. Aiguputo ankaona kuti ufumu umafuna zonse ziwiri, ufulu wa Horasi ndi dzanja la Seti, ndipo ankati mfumu yamoyo yanyamula onse awiri. Pa mipando ya ziboliboli za mfumu Senusereti Woyamba, za cha m'ma 1950 Yesu asanabadwe, anajambulapo Horasi ndi Seti akumanga pamodzi zomera zoimira kumpoto ndi kummwera kwa dziko. Kale kwambiri kuposa apo, mfumu Peribuseni inaika chinyama choimira Seti pamwamba pa dzina lake m'malo mwa kabawi wa Horasi, ndipo mfumu Kasekemwi inaika zonse ziwiri. Mfumu yankhondo imene inalamulira cha m'ma 1290 Yesu asanabadwe, bambo ake a Ramese Wachiwiri, dzina lake lenilenilo linali la mulungu ameneyu. Koma mfumu yomweyo itamanga kachisi ku Abidosi, mzinda wa Osirisi, amisiri polemba dzina lake ankapewa chinyama cha Seti n'kuikapo chizindikiro china. Ankamulemekeza, koma ankadziwanso nyumba imene sayenera kulowamo.

Pali cholembedwa china chimene chikuwonjezera mfundo. Ndi mwala umene mfumu Shabaka inalembetsa cha m'ma 710 Yesu asanabadwe, umene lero uli ku Landani. Mmenemo woweruza ndi Gebu. Poyamba anagawa dziko pakati, kummwera kwa Seti, kumpoto kwa Horasi. Kenako anaona kuti si bwino kuti magawo awo afanane, ndipo anapereka lonse kwa Horasi chifukwa ndi mwana wa mwana wake woyamba. Agiriki anayesa njira yogawayo m'nthano zawo: milungu itatu yapachibale, Zeu, Poseidoni ndi Hade, inachita maere, wina kumwamba, wina nyanja, wina kumanda. Komabe Poseidoni akamakumbutsa kuti iwo ndi ofanana, amauzidwa kuti wamkulu ndi wamkulu, n'kugonja akung'ung'udza. Aiguputo analemba kugawako n'kukufafaniza m'nkhani yomweyo, chifukwa kwa iwo dziko la mafumu awiri linali chizindikiro cha nthawi ya chisokonezo.

Zimenezi sizinali za kumwamba kokha. M'manda a mfumu Tutankamuni muli chithunzi cha Ayi, nduna yachikulire imene sinali mwana wake, itavala chikopa cha kambuku ikuchita mwambo wotsegula pakamwa pa mtembo wa mfumu yachinyamatayo. Umenewu ndi mwambo umene mwana amachitira bambo ake, monga Horasi anachitira Osirisi. Poika maliro Ayi anadziika m'malo a Horasi, ndipo analowa ufumu. Nthano imene inkateteza mwana wa mfumu inkathanso kubwerekedwa ndi munthu amene si mwana, bola agwire maliro. Amenewa ndi malire ake: imanena kuti Horasi ndiye woyenera, koma amene wakhala pa mpando ndi amene amatchula yemwe ali Horasi.

Ndipo gumbwa wa mlandu uja analembedwa pa nthawi yoti nkhanizi zinali zamoyo. Zaka pafupifupi khumi m'mbuyo mwake, cha m'ma 1155 Yesu asanabadwe, mmodzi mwa akazi a Ramese Wachitatu, dzina lake Tiye, anapangana chiwembu ndi akuluakulu a m'nyumba ya mfumu kuti mwana wake Pentawere alowe ufumu m'malo mwa m'bale wake amene anasankhidwa. Zolemba za mlandu wawo zilipo, ndipo mu 2012 akatswiri ataunika mtembo wa mfumuyo anapeza kuti inachekedwa pakhosi. Wosankhidwa uja analowabe monga Ramese Wachinayi, kenako mwana wake Ramese Wachisanu. Ameneyu atamwalira, mpando unapita kwa Ramese Wachisanu ndi Chimodzi, m'bale wa bambo ake, amene anatenganso manda amene mnyamatayo ankakumbitsa n'kuwasandutsa ake. Sindikunena kuti wolemba gumbwayo ankanena za anthu amenewa, poti nthanoyo ndi yakale kuposa iwo. Koma omvera ake sankafunika kuwafotokozera kuti mkangano wa mwana ndi m'bale wa bambo ake ndi chiyani.

Ulemu wa Seti unadzatha pambuyo pake. M'zaka 1,000 zomaliza Yesu asanabadwe, Iguputo anagonjetsedwa ndi Asuri, kenako Aperisiya, ndipo Seti, amene kuyambira kale anali mulungu wa chipululu ndi wa maiko achilendo, anayamba kuonedwa ngati mdani weniweni. Zithunzi zake zina anazigoba, ndipo ansembe ankachita miyambo yomutemberera. Ku kachisi wa Horasi ku Edifu, amene anamangidwa kuyambira mu 237 mpaka mu 57 Yesu asanabadwe, makoma akuonetsa Horasi ali m'bwato akulasa Seti, amene wajambulidwa ngati kamvuu kakang'ono pansi pa mapazi ake. Pa nthawiyi pa mpando wa Iguputo panali mafumu a Chigiriki a banja la Tolemi, amenenso ankaphana pachibale polimbirana mpandowo. Seti amene Pulutaki anamumva ndi wa nthawi imeneyi, woipa kotheratu, ndipo ndi amene mabuku ambiri a masiku ano anatengera.